Jerandi ndi infinitivu m'Chingerezi: kumene zinachokera ndi kasankhidwe kake pa mayeso

M'Chingerezi, mneni akatsatana ndi mneni mnzake, wachiwiriyo nthawi zambiri amatenga maonekedwe amodzi mwa awiri. Akhoza kuthera ndi *-ing*, monga *reading*, ndipo ameneyu amatchedwa jerandi. Akhozanso kutsogozedwa ndi *to*, monga *to read*, ndipo ameneyu ndi infinitivu. Amene amalamula ndi mneni woyamba. Mngerezi amati *I enjoy reading* koma amati *I decided to read*, ndipo akamva *I enjoy to read* khutu lake limakana nthawi yomweyo ngakhale sangathe kufotokoza chifukwa chake. Mutu umenewu susowa m'makalasi a ESOL amene obwera ku Britain amaphunziramo Chingerezi. Pa mayeso a IELTS palibe gawo lolembetsa malamulo a chiyankhulo paokha, koma kulondola kwa ziganizo ndi chimodzi mwa zinthu zinayi zimene ochonga amayang'ana pa kulemba ndi pa kuyankhula.

Olankhula Chichewa amapunthwa apa pa chifukwa chomveka. Chichewa chili ndi njira imodzi yogwira ntchito zonse ziwiri, yomwe ndi ku-. Mawu oti kuwerenga amakhala dzina m'chiganizo choti "kuwerenga n'kwabwino", ndipo amakhalanso mneni m'chiganizo choti "akufuna kuwerenga". Poti ku- amafanana kwambiri ndi *to*, wophunzira amangoika *to* paliponse. Chingerezi chili ndi njira ziwiri chifukwa iliyonse inachokera kwake, ndipo mbiri ya dziko la Mangalande ndi imene imafotokoza bwino kusiyana kwake.

Chingerezi chinafika pa chilumba cha Britain m'zaka za m'ma 400, chitabwera ndi Aangelo, Asakisoni ndi Ajuti ochokera kudera limene lero kuli kumpoto kwa Germany ndi Denmark. M'chiyankhulo chawo infinitivu inkadziwika ndi mathero ake, monga *drincan*, kumwa. Mawu oti *to* anali mperekezi wamba wosonyeza kumene munthu akulowera, ndipo akaikidwa patsogolo pa mneni, monga *to drincenne*, ankasonyeza cholinga kapena chinthu choyenera kuchitidwa. M'kupita kwa zaka mathero aja anafota n'kutha, ndipo *to* anatsala yekha ngati chizindikiro cha infinitivu. Komabe tanthauzo lake lakale loloza kutsogolo silinafe lonse. N'chifukwa chake aneni onena za chinthu chimene sichinachitike, monga *want, hope, plan, promise, refuse* ndi *decide*, amatenga *to*.

Jerandi inayamba ngati dzina lenileni. Mathero a *-ung* ndi *-ing* ankapanga maina kuchokera kwa aneni, monga *leornung*, kuphunzira, ndipo maina amenewa ankakhala m'chiganizo ngati dzina lina lililonse. Cha m'ma 1300 anayamba kuchita ngati aneni, kutenga pamtherankhani wawo popanda mperekezi pakati, monga mmene lero amanenera *reading books*. Kuyambira m'zaka za m'ma 1500 mpaka za m'ma 1800, jerandi inalanda malo ambiri amene kale anali a infinitivu. Sinalande tsiku limodzi ayi; inkalowa kwa mneni mmodzimmodzi, ena n'kuilandira, ena n'kuikana. Ichi ndicho chifukwa chake mndandanda wa aneni wa m'mabuku a sukulu umaoneka wopanda dongosolo.

Pakati pa kufika kwa Aangelo ndi zaka za m'ma 1300 panachitika nkhondo ya ku Hastings mu 1066, pamene William wa ku Normandy anagonjetsa mfumu Harold. Kwa zaka pafupifupi 300 Chifalansa chinali chiyankhulo cha kunyumba ya mfumu ndi cha mabwalo a milandu, mpaka lamulo la mu 1362 linanena kuti milandu izikambidwa m'Chingerezi. Aneni ambiri amene amavutitsa ophunzira lero analowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa m'zaka za m'ma 1300: *enjoy, decide, remember, avoid, finish*. Koma kuchokera ku Chifalansa sikuuza munthu chosankha, pakuti *enjoy* amatenga jerandi pamene *decide* amatenga infinitivu. Chimene chimathandiza ndi kufunsa ngati mneniyo akuona ntchito yachiwiri ngati chinthu chimene chilipo kale kapena ngati cholinga chimene chikadali patsogolo.

Mneni *enjoy* amafuna chinthu choti munthu asangalale nacho. Monga amanenera *enjoy the meal*, amanenanso *enjoy cooking*, chifukwa jerandi yaima pamalo pa dzina. Momwemonso *finish, miss, mind* ndi *give up*: munthu amamaliza, kusowa kapena kuleka chinthu chimene chilipo. Kuchipatala kapena ku ofesi ku Britain munthu amamva *Would you mind waiting?* osati *to wait*. Mneni *decide* ndi wa mbali inayo. Pa nthawi imene munthu akutsimikiza mtima, ntchitoyo imakhala isanachitike, choncho amati *She decided to move to Leeds*.

Lamulo limeneli lili ndi malire, ndipo wophunzira wolidalira kwathunthu amalakwa. Aneni *avoid, consider, suggest* ndi *risk* amanena za zinthu zosachitika, komabe amatenga jerandi: *He suggested taking the train*. Amenewa ndi ofunika kungowaloweza, makamaka *suggest*, amene anthu ambiri odziwa bwino Chingerezi amamulakwitsabe ponena *suggested me to go*. Palinso *begin, start* ndi *continue* amene amalandira njira zonse ziwiri popanda kusintha tanthauzo, kotero sataya malikisi kwenikweni.

Malikisi ambiri amatayika pa aneni amene amalandira njira zonse ziwiri koma tanthauzo n'kusintha. Woyamba ndi *remember*. Pano funso ndi limodzi: chinayamba n'chiyani, kukumbukira kapena ntchitoyo? Mu *I remembered to lock the door*, kukumbukira kunayamba, kukiya chitseko kunatsatira. Munthuyo sanaiwale udindo wake. Mu *I remember locking the door*, kukiya kunachitika kale, ndipo munthuyo akuona m'maganizo mwake zimene anachita. Chichewa chimasiyanitsa ziwirizi bwinobwino: "ndinakumbukira kukiya chitseko" ndi "ndikukumbukira kuti ndinakiya chitseko". Pamene Chichewa chikufuna "kuti ndina-", Chingerezi chikufuna jerandi. Kagawidwe kameneka si kakale kwambiri. M'mabuku a m'zaka za m'ma 1700 mumapezeka kawirikawiri *I remember to have seen*, pamene Mngerezi wa lero anganene *I remember seeing*. Aneni *forget* ndi *regret* amatsata njira yomweyo. Kalata yokana munthu ntchito imayamba ndi *We regret to inform you*, chifukwa chisonicho chikutsogola uthenga usananenedwe, pamene *I regret leaving* ndi kudandaula ndi chimene chinachitika kale.

Mneni *stop* amaikidwa m'gulu lomweli m'mabuku ambiri, koma kapangidwe kake n'kosiyana, ndipo kumvetsa kusiyanako kumachotsa chisokonezo chonse. Mu *He stopped smoking*, kusuta ndi chinthu chimene chalekedwa: anasiya kusuta. Mu *He stopped to smoke*, infinitivu siikunena chimene chalekedwa konse. Munthuyo anaima pa zimene ankachita, mwina kuyenda kapena kugwira ntchito, kuti asute. Ameneyu ndi *to* wakale uja wosonyeza cholinga. Njira yoyesera ndi kuika *in order to* m'malo mwa *to*. Ngati chiganizo chikumvekabe, infinitivu ndi yolondola. M'Chichewa kusiyana kwake ndi kwa "kusiya" ndi "kuima kuti".

Chitsanzo cha funso la mtundu wopezeka m'mabuku ophunzitsira chingaonetse mmene zonsezi zimagwirira ntchito limodzi. Wophunzira wapatsidwa aneni *work, take, buy, leave* ndi *see*, kuti awaike m'mipata motsatana:

```
Grace enjoys ___ nights. Last week she decided ___ the early bus.
On the way she stopped ___ a coffee. She remembers ___ her phone
on the counter. She is looking forward to ___ it again.
```

Mpata woyamba ukutsatira *enjoys*, ndipo yankho ndi *working*. Wachiwiri ukutsatira *decided*, ndipo pa nthawi yosankhayo basi inali isanakweredwe, choncho ndi *to take*. Pa mpata wachitatu wophunzira amene analoweza kuti *stop* amatenga *-ing* angalembe *buying*, koma zimenezo zingatanthauze kuti mayiyo analeka chizolowezi chogula khofi. Mawu oti *On the way* ndi *a coffee* akusonyeza kuti ali pa ulendo ndipo akugula kapu imodzi, ndipo *in order to buy* ikumveka, choncho yankho ndi *to buy*. Pa mpata wachinayi foni inasiyidwa kale kukumbukira kusanabwere, ndiponso palibe amene amadzikumbutsa kuti asiye foni yake m'sitolo. Yankho ndi *leaving*. Izi zikuonetsa kuti pa aneni a matanthauzo awiri yankho silili pa mneni yekha. Limabisala m'mawu ozungulira mpatawo, ndipo wophunzira wothamangira kulemba asanawerenge chiganizo chonse amalephera funso limene lamulo lake akulidziwa.

Mpata wotsiriza ndi msampha wodziwika. Wophunzira amaona *to* n'kulemba *see*. Koma *to* wa mu *look forward to* sanasanduke chizindikiro cha infinitivu. Anakhalabe mperekezi, ndipo mperekezi m'Chingerezi amatsatiridwa ndi dzina kapena jerandi. Njira yodziwira ndi kuyesa kuika dzina pambuyo pake. *Looking forward to the weekend* ikumveka, choncho *to* ameneyu ndi mperekezi ndipo yankho ndi *seeing*. *Decided to the weekend* siikumveka, choncho *to* wa pambuyo pa *decide* ndi wa infinitivu. Njira yomweyi imagwira pa *be used to, get used to* ndi *object to*. Ndi yofunika kuidziwa chifukwa makalata ambiri ofunsira ntchito ku Britain amatha ndi *I look forward to hearing from you*, ndipo wolemba *to hear* amaonekera pa chiganizo chomaliza penipeni.

Mneni *try* amasiyanitsanso matanthauzo, ngakhale m'kuyankhula kwa tsiku ndi tsiku malire ake sakhala okhwima. *Try to open the window* ndi kuyesetsa kuchita chinthu chovuta, chimene mwina chikanika. *Try opening the window* ndi kupereka nzeru yoti munthu atsegule windo n'kuona ngati zithandize, mwina chifukwa m'chipinda mukutentha. Pa funso lolemba, mawu osonyeza kulephera, monga *but it was stuck*, amaloza ku infinitivu, ndipo chiganizo cholangiza njira yothetsera vuto chimaloza ku jerandi.