Ndondomeko ya kanema wa zochitikadi asanajambulidwe

Iyi ndi ndondomeko imene wopanga kanema amalemba asanafunse munthu aliyense mafunso. Muli funso lalikulu la nkhaniyo, zigawo zake, malo ojambulira ndi mitundu ya anthu oyenera kufunsidwa. Mawu a ofunsidwa salembedwamo, chifukwa akalembedwa wofunsa amayamba kukokera anthu ku mayankho amene iye akufuna.

Mwachitsanzo, kanema wonena za Old Town likulu litasamukira ku Lilongwe kuchoka ku Zomba mu 1975 angagawidwe patatu: tauni yakale, kumangidwa kwa City Centre, ndi msika wa lero. Pa gawo lililonse wopanga kanemayo amalembapo munthu wofunika, monga wamalonda wachikulire amene anaona zonsezo, ndi funso lomufunsa. Ofunsidwa akanena zosiyana, imasintha ndi ndondomekoyo.