Mileniyamu: zaka chikwi za pa Chivumbulutso 20

Mawu akuti mileniyamu anachokera ku Chilatini: mille ndi chikwi, annus ndi chaka. Akhristu akamawatchula amanena za ulamuliro wa Khristu wa zaka 1,000 wotchulidwa pa Chivumbulutso 20:1-7, pamene Satana wamangidwa. Mkangano wagona pa funso limodzi: kodi Yesu adzabwera zakazi zisanayambe, kapena zitatha? Justin Martyr ndi Ireneo ankaphunzitsa kuti adzayamba wabwera, akufa olungama n'kuuka, n'kulamulira naye padziko pano. A Seventh-day Adventist amavomereza ndondomekoyi, koma amati oyera mtima adzakhala kumwamba, dziko lili bwinja. Ena amayembekezera kuti Uthenga Wabwino udzagonjetsa mitundu, mtendere n'kukhazikika, Yesu n'kubwera pambuyo pake. Augustino wa ku Hippo anati zaka chikwi ndi nyengo yonse ya Mpingo, imene tilimoyi.

Ine ndikuona kuti Augustino anagwira mfundo, chifukwa buku lodzaza ndi zilombo, nyanga ndi zisindikizo silipereka manambala ngati kalendala. Chikwi chimaimira uchuluka wokwanira. Otsutsa ali ndi funso lolemera: ngati Satana ndi womangidwa lero, n'chifukwa chiyani zoipa zili ponseponse? Vesi 3 imatchula cholinga cha kumangidwako, kuti asanyengenso mitundu ya anthu, ndipo sinena kuti uchimo watha. Chovuta chenicheni ndi mavesi 4 ndi 5, pamene mawu amodzimodzi a Chigiriki akunena za kuuka kuwiri. Wonena kuti koyambako n'kwauzimu afotokoze chifukwa chake kwachiwiriko kuli kwa thupi. Musanaweruze mnzanu wa mpingo wina, werengani mavesi awiriwa mofatsa.