Wotchi Yanu Ikakana Kutchaja

Mawotchi a pamkono otchaja ndi magetsi achuluka m'misika ya ku Milange, ndiponso kutsidya kwa malire, ku Muloza ndi ku Limbuli. Amaonetsa nthawi, amawerenga mapazi amene mwaponda, ena amalumikizana ndi foni. Koma tsiku lina mumaika wotchi pa chingwe chake, dikireni dikireni, galasi lili bii. Musafulumire kuitaya kapena kugula ina. Vuto limakhala pa malo amodzi mwa malo atatu awa: tizitsulo takumbuyo kwa wotchi, chingwe chotchajira, kapena batire la m'kati. Muyambe ndi chimene sichifuna ndalama, batire mulione pomaliza.

Nkhaniyi ikunena za wotchi yokhala ndi chingwe. Wotchi wamba, ya kabatire kangati batani la malaya, sitchajidwa. Ikaima mumangosintha kabatireko.

Mmene magetsi amalowera mu wotchi

Tembenuzani wotchi yanu. Kumbuyo kwake muona timadontho tachitsulo tiwiri, pena tinayi, tooneka ngati golide. Tsopano onani kumapeto kwa chingwe. Kuli timano tachitsulo totuluka pang'ono, ndi maginito amene amakoka chingwe kuti chimamatire pa wotchi. Kamano kalikonse kali ndi kasipuling'i m'kati, kamene kamakakankhira pa kadontho kake. Magetsi amadutsa pokhapo pamene kamano kakhudza kadontho. Malowo ndi aang'ono ngati mutu wa singano, ndiye kalitsiro kochepa kokha kamatha kutseka njira.

Choyamba: pukutani tizitsulo

Kumbuyo kwa wotchi kumagunda khungu tsiku lonse. Thukuta lili ndi mchere. Likasakanikirana ndi fumbi la mu Okutobala komanso mafuta odzola, limaumira pa timadontho tija. Nyengo ya mvula, kapena masiku a chiperoni pamene nkhungu yakuta phiri la Tumbine, chinyezi chimawonjezera vuto. Mukaona timadontho tada, kapena tili ndi zobiriwira, ndiye kuti chitsulo chayamba kudyeka.

Musanapukute, zulani chingwe ku magetsi. Tengani mswachi wakale wouma, mutsuke timadontho pang'onopang'ono. Kenako nyowetsani kathonje kapena kansalu ndi sipiriti wa kusitolo ya mankhwala, dontho limodzi kapena awiri basi, mupukute mpaka chitsulo chiwale. Litsiro likakakamira m'mbali, lichotseni ndi kamtengo kotokosera m'mano. Zobiriwira zikakana kuchoka, pakani pang'ono ndi labala wofufutira pensulo, kenako pukutaninso ndi sipiriti.

Musapale ndi singano, lezala kapena mpeni. Golide wa pa timadonthoto ndi wopyapyala kwambiri. Mukamupala, chitsulo chapansi chimakhala poyera ndipo chimachita dzimbiri msanga kuposa kale. Musagwiritsenso ntchito madzi a sopo, palafini kapena malovu.

Chitani chimodzimodzi ku timano ta chingwe. Apa yang'anani bwino pa maginito, chifukwa amatola tinyenyeswa tachitsulo ta pansi kapena ta m'thumba. Kanyenyeswa kakagona pakati pa timano tiwiri, magetsi amadutsa pa iko osafika mu wotchi, ndipo kumapeto kwa chingwe kumatentha. Mukamaliza, dikirani mphindi 10 kuti ziume.

Tsopano ikani wotchi pa chingwe, muisiye kwa mphindi 30, ngakhale ola lathunthu. Wotchi imene yakhala yozima kwa masabata ambiri imachedwa kudzuka. Batire likatheratu, wotchi imalilowetsa magetsi pang'onopang'ono poyamba, ndipo galasi limakhala lakuda ngakhale ikutchaja. Ambiri amazula pakatha mphindi ziwiri n'kunena kuti yafa.

Chachiwiri: yesani chingwe ndi mutu wa tchaja

Ngati sinadzuke, tiyese njira imene magetsi amadzera. Lamulo lake ndi ili: sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Mukasintha zonse pamodzi, wotchi n'kuyaka, simungadziwe chimene chinali chowonongeka.

Yambani ndi mutu wa tchaja, uja mumalowetsa pa khoma. Lumikizani foni pa mutu womwewo ndi chingwe cha foni. Foni ikamatchaja, mutuwo ndi wabwino, ndipo magetsi alipo. Werenganinso timalemba tili pa mutuwo. Payenera kukhala polembedwa 5V, chifukwa ndiyo mphamvu imene mawotchi amenewa amafuna.

Ngati mumatchajira pa pawabanki, dziwani ichi. Wotchi imakoka magetsi ochepa kwambiri poyerekeza ndi foni. Mapawabanki ambiri akaona kuti chimene chalumikizidwa chikukoka pang'ono chonchi, amayesa kuti palibe kanthu, ndipo amazima okha isanathe mphindi. Yang'anani timagetsi ta pawabanki. Tikathima wotchi idakali pa chingwe, vuto si wotchi ayi. Ngati mumatchajira pa sola, yesani masana dzuwa likuswa mtengo, osati usiku pamene batire la sola lafooka.

Kenako chingwe chenichenicho. Chizuleni ku magetsi, ndipo ndi chikhadabo kanikizani kamano kalikonse. Kayenera kulowa m'kati n'kubwerera kokha. Kamano kamene kalowa n'kukhala komweko sikangafike pa kadontho kake. Kadontheziereni sipiriti, mukakanikize kangapo. Kakakanabe kubwerera, chingwecho chatha ntchito.

Timano tikakhala bwino, lumikizani zonse, ndipo pindani chingwe pang'onopang'ono pafupi ndi mapeto ake onse awiri, maso ali pa galasi. Chizindikiro cha kutchaja chikamabwera n'kumachoka pamene mukupinda, ndiye kuti waya waduka m'kati ngakhale kunja kukuoneka bwino.

Okonza mafoni pamsika amakhala ndi mita yoyezera magetsi. Apempheni ayeze pa timano tiwiri ta chingwe chili pa magetsi. Mita iyenera kuonetsa nambala yoyandikira 5. Ikaonetsa 0, pamene mutu wa tchaja mwauyesa kale kuti ndi wabwino, chingwe ndiye chafa.

Pokagula china, nyamulani wotchiyo. Zingwe zimaoneka zofanana, koma mpata wa pakati pa timano umasiyana, ndipo pa zina magetsi amadzera mosemphana. Chingwe choyenera chimamatira chokha, mosakakamiza, ndipo wotchi imaonetsa kuti ikutchaja. Yesani pomwepo musanapereke ndalama.

Chachitatu: onani ngati batire latha

Batire la mu wotchi ndi la mtundu womwewo wa mu foni, kungoti ndi laling'ono. Limakalamba. Likadzazidwa n'kutha maulendo apakati pa 300 ndi 500, limayamba kusunga magetsi ochepa kuposa kale. Kwa anthu ambiri izi zimaoneka pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. Kutentha kumalikalambitsa msanga, monga kusiya wotchi padzuwa kapena pafupi ndi mbaula. Kulisiya lotheratu kwa miyezi kumaliwononganso.

Batire latsopano limatenga ola limodzi ndi theka kapena maola awiri kuti lidzaze. Lotha limadzaza msanga n'kuthanso msanga, chifukwa malo osungira magetsi achepa. Mungaone wotchi yafika pa 100% m'mphindi 20 zokha. Mungaonenso ikuonetsa 40%, kenako yazima mwadzidzidzi. Ina imayaka ikakhala pa chingwe, mukangoichotsa basi yazima. Zonsezi zikuloza batire.

Pali chizindikiro china choopsa. Ikani wotchi chagada ndi chafufumimba pa tebulo, muione cham'mbali. Ngati chakumbuyo chatukumuka, kapena galasi layamba kunyamuka, batire latupa. Ngati ikutentha moti simungaigwire potchaja, ndi chimodzimodzi. Lekani kuitchaja, lekani kuivala. Musaiboole, musaiphwanye, ndipo musaiponye pa moto kapena kudzala kumene mumatentha zinyalala, chifukwa batire lotere limatha kuyaka. Ipititseni kwa okonza mafoni.

Tiyeni tiwerengere limodzi

Tiyerekeze bambo wina wakabaza amene amanyamula anthu kuchokera m'tauni ya Milange kupita kumalire. Wotchi yake yatha zaka ziwiri. Ili yatsopano inkatha masiku 5 asanaitchajenso. Lero yakana kutchaja.

Waitembenuza, wapeza timadontho tabiriwira ndi thukuta. Wapukuta ndi mswachi ndi sipiriti, waiika pa pawabanki, koma pawabanki yazima yokha. Waisamutsira pa mutu wa tchaja ya foni, ndipo patatha mphindi 15 galasi layaka. Apa wadziwa zinthu ziwiri: chingwe ndi chabwino, ndipo zimene zinatseka njira ndi litsiro ndi pawabanki. Sanawononge ngakhale metikali imodzi.

Chatsala n'kudziwa ngati batire lidakali ndi moyo. Waitchaja mpaka 100%. Wachepetsa kuwala kwa galasi ndipo wazimitsa zoimbira foni pa wotchi, chifukwa zimenezi zimadya magetsi ngakhale batire likhale latsopano. Kenako walemba m'kope lake: 6 koloko m'mawa, 100. Madzulo 6 koloko walembanso: 55.

Tiwerenge. 100 kuchotsa 55, yatsala 45. Ndiye kuti pa maola 12 wotchi yadya 45. Pa tsiku lathunthu, maola 24, idzadya pafupifupi 90. Batire lonse likungotha tsiku limodzi ndi maola ochepa, pomwe kale linkatha masiku 5. Batire limeneli lakalamba. Chikhala kuti madzulo anapeza 88 kapena 90, ndiye kuti pa tsiku ikudya 20 mpaka 24, masiku anayi kapena asanu, ndipo batire likanakhala labwino ndithu.

Inunso chitani chimodzimodzi: lembani nthawi ndi nambala m'mawa, lembaninso madzulo, chotserani, kenako wirikizani kawiri. Yerekezani ndi masiku amene wotchi inkatha ili yatsopano. Ngati tsopano sikufika ngakhale theka la masikuwo, batire latha.

Kukonzetsa kapena kugula ina?

Mawotchi ambiri otsika mtengo amamatidwa ndi guluu, alibe zomangira zomasula. Wokonza akaitsegula kuti asinthe batire, sitsekekanso bwinobwino ngati kale, ndipo thukuta ndi mvula zimalowa mosavuta. Funsani mtengo wa batire pamodzi ndi wa ntchito, muyerekeze ndi mtengo wa wotchi yatsopano. Zikapitirira theka, kukonzetsa n'kutaya ndalama. Ngati batire silinatupe ndipo likutha tsiku lathunthu, mukhoza kupitiriza kuivala n'kumaitchaja madzulo aliwonse, inu muli maso.

Kuti vutoli lisabwerere, pukutani kumbuyo kwa wotchi ndi kansalu kouma nthawi zonse musanaiike pa chingwe, ndipo musaitchaje ili yonyowa. Itchajeni ikafika cha m'ma 20%, musadikire kuti izime. Ngati mukuisunga osavala, isiyeni ili ndi magetsi theka, ndipo muziitchaja pang'ono mwezi uliwonse.