Chidule cha umboni: kufupikitsa kosataya njira

Mawu akuti “chidule” amachokera ku “kudula”, koma pa nkhani za milandu satanthauza kutaya. Chidule cha umboni ndi kusonkhanitsa zimene mboni inanena polumbira, mutu ndi mutu, ndi kulemba tsamba pamene mawuwo akupezeka.

Tiyerekeze kuti mkangano wa munda wa mpunga ku Chikweo, kufupi ndi nyanja ya Chiuta, wafika kukhoti, ndipo umboni wa mayi wina wadzaza masamba 80. Wolemba chidule satsata tsamba ndi tsamba. Amaika mitu: malire, amene anagawa malowo, zaka zimene analimapo. Pansi pa malire amalemba kuti patsamba 12 mayiyo anati malire ndi mtengo wa mango, koma patsamba 57 anati ndi ngalande. Popanda mitu, kusemphana kumeneku kukanabisala, chifukwa mboni imabwerera ku nkhani imodzi kangapo, makamaka ikamapanikizidwa ndi mafunso.

Ena amati kudula umboni n’kuupotoza, popeza wolembayo amasankha yekha zoti atenge. Nkhawayi ndi yomveka, ndipo n’chifukwa chake nambala ya tsamba siyenera kusowa. Loya kapena woweruza akakayika, amatsegula pomwepo n’kuwerenga funso ndi yankho lomwe. Chidule chopanda masamba changokhala mphekesera, chifukwa palibe angachitsimikizire.