Mpata wa M'mano: Tanthauzo Lake ndi Nkhani Youtseka

Mpata wa m'mano, umene madokotala amautcha diasitema, ndi malo otseguka pakati pa mano awiri akutsogolo, makamaka am'mwamba. Kwa ana azaka 7 mpaka 11 mpatawu si wodetsa nkhawa, chifukwa kawirikawiri umatsekeka wokha mano osongoka am'mbali akamera.

Kwa ofuna kuutseka, mpata ukakhala wosapitirira mamilimita 2, dokotala amamata mankhwala ofanana ndi dzino m'mbali mwa mano awiriwo. Ntchitoyi imatha tsiku limodzi ndipo mtengo wake ndi wotsikirapo, koma pomatapo pamathimbirira ndi tiyi kapena fodya, nthawi zina n'kubenthuka. Njira ina ndi mawaya okokera mano, koma amadula kwambiri ndipo amatenga miyezi yambiri. Akachotsedwa, pamafunika kawaya kokhalitsa kuseri kwa mano, apo ayi mpata uja umabwerera, makamaka ngati kamnofu kolumikiza mlomo ndi nkhama kali kokhuthala.

Ku Nigeria ndi ku Ghana ambiri amautenga mpatawu ngati kukongola, moti kuutseka kungakhale kulipira ndalama kuti achotse chimene ena akusirira. Wofunika kuonetsa kuchipatala msanga ndi mpata womwe wayamba munthu atakula kale n'kumakulirakulira, mano akugwedera ndipo nkhama zikutuluka magazi potsuka, poti umenewo umasonyeza matenda a nkhama.