Zifukwa zomwe maofesi amakanira fotokope ya fotokope ndi zithunzi zosaoneka bwino

Anthu ambiri ofuna ntchito, maphunziro kapena chilolezo cholowera m'dziko lina amabwezedwa makalata awo atachita zonse zoyenera, kaamba koti chikalata chomwe apereka sichikuwerengeka bwino. Ena amaganiza kuti uku n'kukhwimitsa chabe zinthu kwa ogwira ntchito m'maofesi, koma nkhani yagona pa momwe makina okopera ndi ojambulira zikalata amagwirira ntchito, komanso pa udindo wa mkulu amene akuyenera kuvomereza kuti chikalatacho n'choona.

Makina a fotokope amawalitsa pepala, kenaka amathira tona, ufa wakuda uja, pamalo pamene aona kuti pali podera, n'kuumatiza papepala latsopano ndi kutentha. Makinawa amagwira bwino zakuda ndi zoyera, koma amavutika ndi zapakatikati. Chotuwa pang'ono amachisandutsa choyera, ndipo chotuwa kwambiri amachisandutsa chakuda bii. Pa kope yoyamba kusinthaku kumakhala kochepa. Koma kopeyo ikaikidwanso pamakina, makinawo amakopera zolakwika za kope yoyamba n'kuonjezerapo zawo, kuphatikizapo fumbi ndi zokandika za pagalasi. Timizere topyapyala timaduka, tina timanenepa n'kutseka mipata ya m'zilembo, ndipo pofika pa kope yachitatu kapena yachinayi nkhope ya munthu pachithunzi imangokhala chibanga chakuda.

Chitsanzo chodziwika bwino ndi satifiketi ya MSCE yomwe imaperekedwa ndi bungwe loona za mayeso la MANEB. Pa mayesowa, magiredi 1 ndi 2 ndi apamwamba kwambiri, kuyambira 3 mpaka 6 ndi keredite, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe, pomwe 9 ndi kulephera. Kusiyana kwa nambala 3 ndi 8 papepala ndi timipata tiwiri ta kumanzere kwa nambalayo. Timipatati tikatsekeka ndi tona, 3 amaoneka ngati 8, ndipo mbali ya kumanzere ya 8 ikafufutika, amaoneka ngati 3. Apa ndiye kuti munthu woyenera ntchito yofuna keredite ya Chingerezi akhoza kusiyidwa, kapena wosayenera n'kulowa. Mkulu woona zolemba anthu ntchito sangasankhe mongoganizira, choncho amabweza pepalalo.

Chifukwa chachikulu koposa ndi chachinyengo. Zikalata zofunika zimakhala ndi zizindikiro zoteteza zomwe zinapangidwa dala kuti zisakopereke, monga chithunzi chobisika m'kati mwa pepala chomwe chimaoneka poyang'anitsa pa kuwala, timalemba ting'onoting'ono tooneka ngati mzere, ndi chidindo chotumphuka chopanda inki chomwe chimamveka ndi chala. Zambiri mwa izi zimatayika pa kope yoyamba yomwe. Chomwe kope yoyamba imasungabe ndi zipsera za kusintha: munthu akamata kapepala ka dzina lina pamwamba pa dzina la mwini, kapena akafufuta giredi ndi utoto woyera, m'mphepete mwa pomatapo mumaoneka kamthunzi. Kamthunzi kameneka n'kotuwa pang'ono, ndipo n'komwe makina amayamba kuchotsa pa kope yachiwiri. Anthu achinyengo amadziwa izi, n'chifukwa chake amakonda kupereka kope ya kope. Zotsatira zake n'zakuti munthu wachilungamo amene satifiketi yake yeniyeni ili kumudzi amakanidwa pamodzi ndi wakuba, poti papepala awiriwo sasiyana.

N'chifukwa chakenso majisitireti kapena loya wokhala ndi mphamvu yolumbiritsa sayenera kudinda kope popanda kuona chikalata chenicheni. Mawu omwe amasainira amanena kuti kopeyo ndi yofanana ndi chikalata chomwe waona ndi maso ake. Kope yodindidwa kale ikakoperedwanso, chidindo ndi siginecha zimasanduka chithunzi chabe, ndipo kope yatsopanoyo imasiya kukhala yotsimikizidwa. Maofesi omwe amafuna makope otsimikizidwa amayembekezera kuona inki yeniyeni ya chidindo pa kope iliyonse, ngakhale izi zimatanthauza kulipira kangapo.

Masiku ano makalata ambiri amatumizidwa pa intaneti, ndipo vuto lomweli labwera mwa njira ina. Chithunzi cha pakompyuta chimapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiselo, ndipo makina a sikana amayeza kuchuluka kwa timadonthoti pa inchi imodzi, muyezo womwe pamakinawo umalembedwa kuti dpi. Pepala la A4 ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Likajambulidwa pa 300 dpi limatuluka ndi mapikiselo 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali, pomwe pa 100 dpi limangokhala ndi 827 ndi 1169. Kusiyanaku sikuoneka pa malemba akuluakulu a pamutu pa satifiketi. Kumaonekera pa timalemba ta pansi, monga nambala ya satifiketi kapena tsiku la pachidindo. Nambala yosindikizidwa yotalika mamilimita awiri imatenga mapikiselo pafupifupi 24 pa 300 dpi, koma pa 100 dpi imangotsala ndi 8, omwe ndi ochepa zedi pofuna kusiyanitsa 3, 6 ndi 8. Ichi n'chifukwa chake 300 dpi ndi muyezo umene umagwiritsidwa ntchito kwambiri pa zikalata, makamaka zomwe zidzawerengedwe ndi makina.

Kumene kumavuta ndi pa kukula kwa fayilo. Tsamba la A4 la mitundu lojambulidwa pa 300 dpi, lisanafinyidwe, limakwana pafupifupi 26 MB, pomwe masamba ambiri olandirira zikalata amaika malire otsika kwambiri kuposa pamenepa. Choncho chithunzi chimasungidwa mu JPEG kapena PDF, momwe chimafinyidwa. Njira ya JPEG imachepetsa fayilo potaya tizigawo tina ta chithunzi, ndipo zomwe yataya sizibwereranso. Chithunzi chikatsegulidwa, kusinthidwa ndi kusungidwanso kangapo, chimataya zina nthawi iliyonse, mofanana ndi fotokope ya fotokope. Chizindikiro chake ndi timabokosi ndi utsi wooneka mozungulira malemba.

Poyerekeza, kalaliki wa paofesi ya boma kuboma lina akufuna kutumiza satifiketi yake pa tsamba la sukulu yaukachenjede lomwe laika malire a 1 MB. Satifiketi yeniyeni ili kwa makolo ake, ndiye mng'ono wake akujambula fotokope yakale ndi foni usiku, pepala lili pamkeka, n'kutumiza pa WhatsApp. Potumiza chithunzi mwa njira yanthawi zonse, WhatsApp imachichepetsa, kawirikawiri kufika pa mapikiselo pafupifupi 1600 mbali yaitali. Pepalalo likanadzaza chithunzi chonse, bwenzi lili pa 137 dpi. Koma popeza mkeka watenga gawo limodzi mwa magawo atatu a utali wa chithunzicho, pepala langotsala ndi mapikiselo osafika 1100, omwe ndi pafupifupi 90 dpi. Kalalikiyo akujambulanso zomwe zili pagalasi la foni yake n'kuziika pa tsambalo. Fayilo ikulowa bwinobwino poti ndi yaing'ono, koma patapita masabata akulandira uthenga woti chikalata sichikuwerengeka, nthawi yolembera itatha kale. Tsamba lolandirira limayeza mtundu ndi kukula kwa fayilo basi, pomwe woweruza ngati chikalata chikuwerengeka amabwera pambuyo.

Akanachita bwino kuitanitsa satifiketi yeniyeni ndi kuijambula pa sikana pa 300 dpi, galasi litapukutidwa. Fayilo ikaposa malire, njira yoyamba ndi kuifinya pang'ono kamodzi kokha kuchokera pa yoyambirira, ndipo ikakanabe, kutsikira pa 200 dpi. Ngati tsambalo silinalamule chithunzi cha mitundu, kusankha Grayscale kumachepetsako fayilo, koma Black and White ndi yosayenera pa chikalata chokhala ndi chithunzi kapena chidindo chifukwa imachita zomwe fotokope imachita. Popanda sikana, foni imakwanira bola pepala liyalidwe pamalo osalala, masana pamthunzi, popanda kuwala kwa kamera, foni italunjika pamwamba penipeni, ngodya zonse zinayi zikuoneka ndipo pepala litadzaza chithunzi. Potumiza pa WhatsApp, kusankha Document kumafikitsa fayilo momwe ilili. Kukulitsa chithunzi chaching'ono pakompyuta kuti chikwane mapikiselo ofunika sikuthandiza, chifukwa kumangofutukula zosaoneka zomwezo.

Pa ziphaso zoyendera, woyamba kuwerenga nthawi zambiri amakhala makina. Malinga ndi muyezo wa bungwe loona za maulendo a pandege padziko lonse la ICAO, m'munsi mwa tsamba la chithunzi muli mizere iwiri ya zilembo 44 uliwonse, ndipo muli manambala otsimikizira. Manambala a tsiku lobadwa amachulukitsidwa ndi 7, 3, 1 motsatizana, n'kuphatikizidwa, ndipo nambala yomaliza ya yankho ndiyo yotsimikizira. Kwa munthu wobadwa pa 15 Malichi 1983, tsikulo limalembedwa 830315, yankho ndi 94, ndipo yotsimikizira ndi 4. Makina akawerenga 3 woyambayo ngati 8, yankho limakhala 109, nambala 9 sigwirizana ndi 4, ndipo chiphaso chimakanidwa nthawi yomweyo. Kunyezimira kwa pulasitiki kapena chala chophimba ngodya kumabweretsa vuto lomweli.

Chithunzi cha nkhope chili ndi malamulo akeake, ndipo amasiyana malinga ndi dziko. Pa chilolezo cholowera ku America, chithunzi chotumizidwa pa intaneti chimayenera kukhala cha mitundu, cha JPEG, chofanana m'litali ndi m'lifupi, cha mapikiselo osachepera 600 ndi osaposa 1200 mbali iliyonse, chosaposa 240 kB, chojambulidwa m'miyezi isanu ndi umodzi yapitayo, ndipo kuyambira mu 2016 magalasi a maso saloledwa. Chithunzi chosindikizidwa cha mainchi awiri mbali zonse chikajambulidwa pa 300 dpi chimapereka mapikiselo 600 enieniwo, zomwe zikusonyeza kuti kutsika pang'ono pa muyezowo kumachigwetsa.

Maofesi omwe akusamutsira mafayilo akale pakompyuta akuyenera kusamala ndi kufinya kopitirira. Mu 2013, katswiri wa makompyuta wa ku Germany, David Kriesel, anapeza kuti makina ena a kampani ya Xerox ankasinthanitsa manambala pojambula, monga kuika 8 pamalo pa 6, kaamba ka njira yofinyira yotchedwa JBIG2 yomwe inkatenga tizidutswa tofanana ngati chinthu chimodzi. Choopsa chinali chakuti manambala olakwikawo ankaoneka oyera bwino, opanda chokayikitsa. Kampaniyo inakonza vutolo, koma nkhaniyi ikusonyeza kuti chikalata chenicheni sichiyenera kutayidwa chisanayerekezedwe ndi chithunzi chake.

Njira yachidule yoyesera fayilo isanatumizidwe kapena kulandiridwa ndi kuitsegula pakompyuta, kuikulitsa kufika pa 200%, ndi kuwerenga malemba ang'onoang'ono koposa onse, monga nambala ya chikalata, tsiku la pachidindo ndi magiredi. Nambala imodzi yokha ikafuna kuganizira kuti ndi iti, chikalatacho chijambulidwenso kuchokera pa chenicheni.