Milu isanu ya pa Maramba ndi nyenyezi za Feller

Pamsika wa Maramba ku Livingstone, tomato, anyezi ndi kapenta amagulitsidwa m'milu. Tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi ndalama yokwana milu isanu, mtengo wake ndi umodzi, ndipo akhoza kutenga mtundu womwewo kangapo. Dengu lake lingatuluke mumsikamo m'njira zingati? Yankho ndi 21. Lamulo lopezera yankholi ndi lakale, chimene chinachedwa kubwera ndi chithunzi choonetsa poyera chifukwa chake.

Lamuloli lili kale m'buku la Jacob Bernoulli lotchedwa Ars Conjectandi, losindikizidwa mu 1713 mwini wake atamwalira. Mu 1900 Max Planck analigwiritsa ntchito powerengera kagawidwe ka timagawo tofanana ta mphamvu, ndipo mu 1914 Paul Ehrenfest ndi Heike Kamerlingh Onnes a ku Leiden anaonetsa kuti masamu a Planck aja amatuluka pongondandalika zizindikiro za mitundu iwiri pamzere umodzi. Amene anatchukitsa njirayi ngati nyenyezi ndi timizere ndi William Feller, m'buku lake la masamu a mwayi la mu 1950. Mulu uliwonse ukhale nyenyezi, ndipo timizere tiwiri tigawe mzerewo patatu: tomato, anyezi, kapenta. Choncho `**|*|**` ndi milu iwiri ya tomato, umodzi wa anyezi ndi iwiri ya kapenta, pomwe `|*****|` ndi anyezi okhaokha. Zizindikiro zonse ndi 7, ntchito yatsala ndi kusankha malo awiri a timizere. Koyamba kali ndi malo 7, kachiwiri 6, koma popeza timizereto sitisiyana, mzere uliwonse wawerengedwa kawiri: 7 × 6 ÷ 2 = 21.

Wina angatsutse kuti mayiyu akusankha kasanu pa zinthu zitatu, ndiye yankho ndi 243. Ameneyo akuwerenga ndondomeko yoponyera milu m'dengu, pomwe kunyumba palibe amene amafunsa kuti unayamba kulowa ndi mulu uti. Komabe chiwerengero chakecho sichotaya. Mayiyo akamangoloza mwachisawawa, madengu 21 aja sakhala ndi mwayi wofanana: la tomato yekhayekha limapezeka m'njira imodzi mwa 243, la `**|*|**` m'njira 30. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amagwa, chifukwa nyenyezi zimangotiuza kuti madengu alipo angati, osati lomwe limabwera kawirikawiri.

Chitsutso champhamvu ndi cha wogulitsa, yemwe katundu wake amatha, pomwe nyenyezi zimayesa kuti milu siitha. Ngati yatsala milu iwiri yokha ya anyezi, tichotse madengu osatheka, okhala ndi milu itatu ya anyezi kapena kuposa. Patulani itatuyo, kwatsala nyenyezi ziwiri ndi timizere tiwiri: 4 × 3 ÷ 2 = 6. Madengu otheka ndi 15.